Khodi Yasochera Kuti? Zimene Zimatsekereza Mauthenga M'foni

Pasikirini palembedwa kuti nambala yotsimikizira yatumizidwa, kawotchi kayamba kuwerenga masekondi chobwerera m'mbuyo, koma foni ili zii. Mwini wake adina *Resend*, adikira, adinanso, kenaka aimika foni m'mwamba kusaka netiweki. Kwina, wamalonda atsegula WhatsApp madzulo n'kupeza mauthenga a makasitomala atsanukira pamodzi ngakhale kuti analembedwa m'mawa. Anthu awiriwa onse amaloza chala netiweki, ndipo nthawi zina amakhala akunena zoona. Koma kawirikawiri uthengawo umakhala utafika kale pafoni, kapena utatsala pang'ono kufika, n'kutsekerezedwa ndi foni yomweyo potsatira zimene mwini wake anasankha kalekale n'kuiwala.

Vutoli limavuta kulithetsa chifukwa mauthenga onse amaoneka ofanana pasikirini pomwe njira zimene amadzera n'zosiyana. Pali meseji wamba, imene imayenda panetiweki ya foni ndipo sifuna deta. Pali zidziwitso za maapu monga WhatsApp, Gmail kapena apu ya banki, zimene zimadzera pa intaneti. Palinso khodi imene foni imadzipangira yokha m'maapu monga Google Authenticator, yosatumizidwa ndi wina aliyense. Njira iliyonse ili ndi chimene chimaitseka. Chosungira batire chimagwira zidziwitso za pa intaneti, mndandanda wa manambala obulokedwa umabisa mameseji, ndipo wotchi yolakwika imawononga khodi yodzipangira. Munthu amene wazindikira njira imene uthenga wake umadzera amadziwanso poyambira kufufuza.

Foni ikagona

Kumene magetsi amazimazima, batire ndi chinthu chosamalidwa kwambiri, ndipo anthu ambiri amayatsa *Battery Saver* kapena *Power saving* n'kuisiya choncho masiku onse. Koma ngakhale munthu asakhudze chilichonse, foni ya Android imadzigoneka yokha. Kuyambira Android 6.0 ya mu 2015, muli dongosolo lotchedwa Doze. Foni ikakhala kuti sili patchaja, sikirini yazima ndipo yaikidwa pansi kwa kanthawi, Doze imadula intaneti ku maapu ndi kuimitsa ntchito zimene amagwira mobisika. Imachita ngati mlonda amene watseka geti usiku n'kumalitsegula mwa apo ndi apo kuti amene aunjikana panja alowe. Usiku ukamapita, amatsegulanso patalipatali.

Google inasiya khomo lina lotsegula. Maapu ambiri satsegula njira yawoyawo yopita ku makina a kampani zawo. Amadalira njira imodzi imene Google Play services imaisunga yotsegula nthawi zonse, yotchedwa Firebase Cloud Messaging. Uthenga umene wotumiza wauika chizindikiro choti ndi wachangu umadzutsa foni ngakhale ili mu Doze. N'chifukwa chake pafoni imene sinasinthidwe chilichonse, uthenga wa WhatsApp umalira ngakhale pakati pausiku, pomwe zosafulumira zimatha kudikira.

Mavuto amayamba pamene zoletsa zina zasanjikizidwa pamwamba pa Doze. Mu 2018, Android 9 inabweretsa *Adaptive Battery*, imene imaphunzira maapu amene munthu amatsegula kawirikawiri n'kupanikiza amene satsegulidwatsegulidwa. Apu ya banki imene imatsegulidwa kamodzi pamwezi, malipiro akalowa, imagwera m'gulu lopanikizidwalo. Opanga mafoni nawonso amawonjezera zawo. Samsung ili ndi mindandanda ya *Sleeping apps* ndi *Deep sleeping apps*, ndipo apu imene yalowa m'mndandanda wachiwiriwu sigwira ntchito mobisika mpaka munthu ataitsegula yekha. Mafoni a Tecno, Infinix ndi itel, amene onse amapangidwa ndi kampani ya Transsion ya ku Shenzhen ku China ndipo ali mbwee m'misika ya kuno, kawirikawiri amabwera ndi apu ya Phone Master, imene imayeretsa foni ndi kulamula maapu oyenera kudziyambitsa okha. Mafoni a Redmi ali ndi *Autostart* yogwira ntchito yofananayo. Apu ikatsekedwa mwamphamvu ndi zida zoterezi, kapena munthu akadina *Force stop*, imatha kusiya kulandira zidziwitso mpaka itatsegulidwanso ndi dzanja.

Chizindikiro cha vuto limeneli n'chosasowa. Mauthenga sasowa, amangochedwa, ndipo amafika onse pamodzi munthu akatsegula apu, akayatsa sikirini kapena akalumikiza tchaja. Pa WhatsApp pali umboni wina wosavuta kuupeza, umene uli pafoni ya wotumiza. Kachongi kamodzi kotuwa kamatanthauza kuti uthenga wachoka koma sunafike pafoni ya wolandira. Tiwiri timatanthauza kuti wafika. Ngati wotumiza akuona kachongi kamodzi mpaka wolandira atatsegula apu, ndiye kuti batire kapena deta ndi zimene zikutsekereza. Ngati akuona tiwiri nthawi yomweyo koma foni ya mnzake sinalire, uthengawo unalowa bwinobwino, ndipo chimene chazimitsidwa ndi belu lokha.

Kukonza kwake sikufuna kuzimitsa chosungira batire chonse. Munthu amasindikiza chizindikiro cha apuyo kwa kanthawi, n'kusankha *App info*, kenaka *Battery*. Pamafoni ambiri a Android 12 ndi atsopano kuposa apo pamaoneka mawu atatu: *Unrestricted*, *Optimized* ndi *Restricted*. Loyamba limalola apu kugwira ntchito mobisika popanda choletsa, lachiwiri limasiyira foni kuti iweruze yokha, lachitatu limaimanga. Pa Samsung, apuyo iyeneranso kuchotsedwa m'mindandanda ya ogona pansi pa *Background usage limits* n'kuikidwa mu *Never sleeping apps*. Pa Tecno ndi anzake, iyenera kuloledwa mu *Auto-start management*. Mayina a malowa amasinthasintha malinga ndi mtundu ndi chaka cha foni, choncho njira yachidule ndiyo kulemba mawuwo pamalo ofufuzira a mu *Settings*.

Ufulu umenewu uli ndi mtengo wake, chifukwa apu iliyonse yomasulidwa imadya batire. Oyenera kumasulidwa ndi maapu ochepa okha amene kuchedwa kwa uthenga wawo kumaluzitsa ndalama kapena ntchito. Masewera ndi maapu a makanema angathe kugona.

Deta ndi belu

Chosungira batire chili ndi mnzake wosungira bandulo. *Data Saver*, imene inayamba ndi Android 7.0 mu 2016, imaletsa maapu kugwiritsa ntchito deta pamene sali pasikirini. Apu iliyonse ilinso ndi kabatani kakekake ka *Background data*, kamene anthu ambiri amakazimitsa bandulo ikamatha msanga. Vuto lochokera apa limadziwika chifukwa limatha munthu akalumikiza wayifayi n'kubwerera akadalira deta ya simu. Mankhwala ake ndi kuyatsa *Background data* ndi *Unrestricted data usage* pa apu yofunikayo.

Mtundu wa bandulo nawo uli ndi mbali yake. Bandulo ya WhatsApp kapena Facebook yokha imatsegula zimenezo basi. Munthu akhoza kumacheza bwinobwino ndi abale ake n'kumadabwa kuti khodi ya pa imelo sikufika, pomwe foni yake ilibe deta yoti Gmail ikatengere makalata. Ndipo pa imelo pali malo ena awiri oyang'ana: bokosi la *Spam*, limene Gmail imafufuta za m'kati mwake pakatha masiku 30, ndi malo osungira. Akaunti yaulere ya Google ili ndi 15 GB yogawana pakati pa makalata, zithunzi ndi mafayilo, ndipo ikadzaza, makalata atsopano amabwerera kwa owatumiza.

Tsopano belu. Kuyambira Android 13 ya mu 2022, apu yongoikidwa kumene imayenera kupempha kaye chilolezo chotumiza zidziwitso. Pempholi limatulukira munthu ali pachangu, ndipo akadina *Don't allow*, apuyo imakhala chete mpaka atakasintha yekha mu *Notifications*. Kuyambira Android 8.0 ya mu 2017, zidziwitso za apu imodzi zimagawidwanso m'magulu, moti n'zotheka kuti gulu la zotsatsa malonda lili loyatsa pomwe la ndalama zolowa ndi zotuluka lazimitsidwa. Palinso *Do Not Disturb*, imene imatha kuikidwa kuti izidziyatsa yokha pa maola ena; kachizindikiro kake kamakhala pamwamba pa sikirini, koma ambiri sakadziwa. Mafoni atsopano amalandanso zilolezo ndi kuletsa zidziwitso za apu imene yatha miyezi ingapo osatsegulidwa, pokhapokha kabatani ka *Pause app activity if unused* katazimitsidwa.

Ku iPhone nkhani ya batire ndi yopepukirapo. *Low Power Mode*, imene inabwera mu 2015 ndipo foni imaipereka batire ikatsika kufika pa 20 peresenti, simatseka zidziwitso za maapu ochezera, koma imaimitsa kutenga makalata a imelo mobisika. Kumeneko chimene chimabisa zidziwitso kawirikawiri ndi *Focus*.

Meseji imene yabisidwa

Khodi zambiri za mabanki ndi za kulembetsa maakaunti zimabwera pa meseji wamba, ndipo apa anthu amataya nthawi yambiri pokonza zolakwika. Meseji sidalira intaneti. Imachoka kwa wotumiza n'kukasungidwa pamakina a kampani ya foni, amene amaipereka simu ikangopezeka panetiweki. Ikapanda kupezeka, amaisunga n'kuyesanso. Chosungira batire sichizimitsa mbali ya foni imene imamvetsera netiweki, ndipo ngakhale *Ultra power saving*, imene imatseka pafupifupi chilichonse, imasiya kuimba ndi mameseji. Choncho khodi ya pa meseji ikasowa, kugula bandulo sikuthandiza, ndipo batire si yoyamba kuikayikira.

Choyamba kukayikira ndi kubuloka. Mameseji a makampani nthawi zambiri sabwera ndi nambala ya foni. Amabwera ndi dzina losapitirira zilembo 11 kapena ndi nambala yaifupi. Kampani imodzi imatha kutumiza zotsatsa malonda ndi khodi pa dzina lomwelo. Munthu amene watopa ndi mauthenga a ngongole ndi mipikisano akabuloka dzinalo, wabulokanso khodi zake zonse zam'tsogolo, ndipo foni simukumbutsa pa tsiku limene akuzifuna. Nthawi zina mwini foni sanabuloke chilichonse, koma sefa ya mauthenga achinyengo yalakwitsa n'kuika khodi yeniyeni pamodzi ndi zinyalala.

Mameseji oterewa kawirikawiri sawonongeka, amangosungidwa pena. Mu Google Messages amapezeka podina chithunzi cha mwini akaunti pakona yakumwamba n'kusankha *Spam & blocked*; kuchokera pamenepo munthu amadina *Not spam* kapena *Unblock*. Mu apu ya mameseji ya Samsung ali mu *Settings*, pansi pa *Block numbers and spam*. Pa iPhone, *Filter Unknown Senders* ikayatsidwa, mauthenga a anthu osasungidwa m'foni amapita ku mndandanda wapadera. Chinthu china chimene chimasokoneza ndi chakuti pa Android apu imodzi yokha ndiyo imakhala mwini mameseji. Munthu akaika apu monga Truecaller n'kuvomera kuti ikhale *Default SMS app*, ndiyo imalandira ndi kusanja mauthenga m'mabokosi ake, ndipo sefa imene ikugwira ntchito ndi yake.

Kubuloka kumakhudzanso khodi yobwera poimba. WhatsApp imapereka mwayi woti makina aimbe n'kutchula nambala zisanu ndi imodzi zija, koma kuimbako kumachokera ku nambala yachilendo, nthawi zambiri yakunja. Foni imene inauzidwa kukana oimba osadziwika, kapena iPhone yokhala ndi *Silence Unknown Callers*, imatha kukana kuimbako mwakachetechete.

Kubuloka kukapanda kupezeka, pali mayeso awiri osafuna katswiri. Oyamba ndi kupempha munthu wapafupi kuti atumize meseji wamba ku nambalayo. Ikapanda kufika, vuto lili pafoni kapena palayini: mwina malo osungira adzaza, zimene zimachitika kwambiri pa timafoni ta mabatani, kapena simu yazimitsidwa mu *SIM manager*, kapena foni yataya netiweki, zimene nthawi zambiri zimatha poyatsa *Airplane mode* kwa kanthawi n'kuizimitsanso. Mayeso achiwiri ndi kuchotsa simu n'kuiika m'foni ina, makamaka ya mabatani imene ilibe masefa, n'kupemphanso khodi. Ikafika kumeneko, wolakwa ndi foni yoyamba ija. Ikapandanso kufika pomwe mameseji a anthu akufika, nkhani yatuluka m'manja mwa mwini foni: mwina wotumiza ali ndi nambala ina, kapena uthenga wakodwa pakati pa wotumiza ndi kampani ya foni.

Nambala yolakwika ndi yofala kuposa mmene anthu amaganizira. Nambala ya foni ya m'manja ya ku Malawi ili ndi manambala 10 poyambira pa 0, koma ikalembedwa ndi +265 kutsogolo, 0 woyambayo amachoka n'kutsala 9. Makina ena amakonza okha munthu akasiya 0, ena amatumiza khodi ku nambala yoti kulibe. Palinso amene anatsegula akaunti ya banki ndi layini ya TNM n'kusamukira ku Airtel, kapena kuchoka ku Airtel kupita ku TNM, osakauza banki. Maapu ambiri amaonetsa manambala omalizira a kumene khodi yapita, ndipo kungowawerenga kumathetsa nkhani. Amalawi amene ali ku Joni kapena ku Mangalande amakumana ndi vuto lomweli mwa mtundu wina: khodi ya banki yakumudzi imapita ku simu ya ku Malawi, imene iyenera kukhala m'foni, yamoyo, ndiponso yololedwa kugwira netiweki ya dziko limene alilo.

Chala chodinadina ndi wotchi yolakwika

Kudina *Resend* mobwerezabwereza kumawonjezera vuto. Pamakina ambiri, khodi yatsopano ikapemphedwa, yakale imafa. Munthu akadina katatu netiweki ili yodzaza, mameseji atatu amatha kufika motsatizana pambuyo pake, iye n'kulemba khodi ya m'meseji yoyamba kufika, imene inafa kale. Makina amakana, iye apemphanso ina, ndipo posakhalitsa amatsekeredwa kunja. WhatsApp imatalikitsa nthawi yodikira munthu akapempha kapena kulakwitsa kambirimbiri, mpaka kufika maola angapo. Chanzeru ndi kupempha kamodzi, kudikira kuti kawotchi kathe, ndipo mameseji akafika angapo, kulemba khodi ya imene yapemphedwa komaliza.

Maapu ena satumiza n'komwe meseji ngati akauntiyo ili yotsegula pa chipangizo china. Telegram imatumiza khodi m'kati mwa apu yomweyo pafoni kapena pakompyuta imene munthu analowapo kale, ndipo Google imatha kuonetsa funso lovomereza pafoni yakale. Mawu apasikirini amanena kumene khodi yapita, koma maso amathamangira pa kabokosi kolembamo.

Khodi yodzipangira ili ndi vuto lakelake. Maapu monga Google Authenticator amatsata muyezo umene unasindikizidwa mu 2011: foni ndi makina a kampani amasunga chinsinsi chimodzi, ndipo aliyense payekha amachiphatikiza ndi nthawi ya pawotchi n'kutulutsa nambala zisanu ndi imodzi zimene zimasintha masekondi 30 aliwonse. Sipafunika netiweki kapena deta. Koma wotchi ya foni ikatsogola kapena kutsalira ndi mphindi ziwiri zokha, mbali ziwirizo zimatulutsa nambala zosiyana, ndipo khodi iliyonse imakanidwa ngakhale italembedwa molondola. Zimachitika kwa amene amatsogoza wotchi dala kuti asamachedwe kuntchito, ndi pamafoni amene batire yake imachotsedwa. Kuyatsa *Set time automatically* mu *Date & time* kumakonza zonse.

Foni imodzi, mavuto awiri

Tiyerekeze mayi ogulitsa zitenje mumsika wa ku Limbe, amene ali ndi Tecno ya masimu awiri. Ali ndi madandaulo awiri amene iwo akuwaona ngati limodzi: makasitomala akuti sayankha pa WhatsApp, ndipo lero apu ya banki yakana kutumiza ndalama kwa wowaodetsa katundu chifukwa khodi sikubwera. Mnyamata wokonza mafoni amene amupatsa foniyo sayamba ndi kuifufuta. Ayamba ndi kuwafunsa kuti khodi ya bankiyo imabwera motani, ndipo mayiwo akuti imabwera pa meseji. Pamenepo wadziwa kuti mavutowa ndi awiri.

Pa za WhatsApp, mnyamatayo azimitsa sikirini ya mayiwo, aisiya pathebulo kwa mphindi zingapo, n'kutumiza uthenga kuchokera pafoni yake. Pafoni yake paoneka kachongi kamodzi. Atangotsegula WhatsApp ya mayiwo, tochongi tikhala tiwiri ndipo uthenga ulowa. Belu silolakwa, chifukwa uthengawo sunafike n'komwe. Mu *App info* apeza kuti *Background data* ndi yoyatsa, koma batire ili pa *Restricted*, ndipo mu Phone Master apuyo siloledwa kudziyambitsa. Mayiwo akukumbukira kuti mwezi watha foni inawachenjeza kuti maapu ena akudya batire, iwo n'kuvomera kuti iwakonze. Mnyamatayo asintha malo awiriwo n'kubwereza mayeso aja sikirini ili yozima. Ulendo uno tochongi tiwiri tioneka nthawi yomweyo ndipo foni ilira.

Pa za banki, sakhudzanso batire. Awerenga manambala omalizira amene apu ya banki ikuonetsa n'kupeza kuti akufanana ndi simu yachiwiri, imene ili m'foni ndipo ili ndi netiweki. Atumiza meseji wamba ku nambala imeneyo, ndipo ifika. Layini ndi yamoyo, malo osungira alipo. Atsegula *Spam & blocked*, ndipo m'menemo muli mameseji asanu ochokera ku dzina la banki, onse a m'mawa womwewo, pansi pake pali uthenga wotsatsa ngongole wa masabata apitawo umene mayiwo anaubuloka. Adina *Unblock*. Khodi zisanu zija zinafa kale, choncho awauza kuti, "Mayi, musalembe iliyonse mwa izi. Pemphani ina kamodzi kokha, tidikire." Yatsopanoyo ifika kawotchi kasanathe, ndipo mayiwo ailemba okha, mnyamatayo akuyang'ana kumbali.

Akanayamba ndi kufufuta foni yonse, mwina mavuto onse awiri akanatha, koma mayiwo akanataya zithunzi za katundu ndi macheza a makasitomala, ndipo akanafunika khodi zinanso kuti alowenso m'maakaunti awo onse.

Pamene vuto si la foni

Meseji yotsimikizira kuti ndalama zalowa nayo imatha kuchedwa kapena kubisidwa, ndipo wamalonda sayenera kudalira iyo yokha. Mameseji abodza onena kuti ndalama zatumizidwa ndi chida chodziwika cha akuba. Umboni weniweni uli mu akaunti momwemo, ndipo umaoneka popanda deta: *211# pa Airtel Money, *444# pa TNM Mpamba. Ndalama zikaoneka m'menemo, zalowa, kaya meseji yafika kapena ayi.

Pali zizindikiro ziwiri zimene siziyenera kukonzedwa mu *Settings*. Choyamba ndi khodi imene yabwera munthu asanapemphe, kenaka wina n'kuimba kapena kulemba kuti waitumiza molakwitsa, kapena kuti ndi wa ku banki ndipo akufuna kuthandiza. Khodi yoteroyo imatanthauza kuti wina akuyesa kulowa mu akauntiyo, ndipo chimene akusowa ndi nambala zomwezo. Maakaunti ambiri a WhatsApp amabedwa motero. *Two-step verification* ya mu WhatsApp imawonjezera nambala yachinsinsi imene mwini wake amasankha yekha, moti wakuba amene wapeza khodi ya pa meseji amakumananso ndi khomo lina.

Chachiwiri ndi simu imene yafa mwadzidzidzi. Foni ikalemba *No service* kapena *Emergency calls only* pamalo pamene anthu ena a netiweki yomweyo akuimba bwinobwino, ndipo simuyo ikukananso m'foni ina, n'kutheka kuti khadiyo yangowonongeka kapena layini yatsekedwa. Koma n'kuthekanso kuti wina wasamutsira nambalayo pa simu ina mwachinyengo, ndipo khodi zonse za banki tsopano zikufikira kwa iye. Popeza munthu sangasiyanitse zimenezi ali kunyumba, ayenera kubwereka foni n'kuimbira banki kuti iimitse kaye zotuluka mu akaunti, kenaka apite tsiku lomwelo ku ofesi ya kampani ya foni ndi chiphaso cha unzika chimene analembetsera simuyo. Kumeneko angathe kuona ngati nambalayo yasinthidwira pa khadi ina, kuitseka, ndi kumupatsa simu yatsopano ya nambala yomweyo.